Zilembo zikafanana: kusanja mndandanda popanda kubwereza

Cha m'ma 1150, katswiri wa masamu wa ku India dzina lake Bhaskara analemba buku lotchedwa Lilavati, ndipo mwa mafunso ake anaikamo lina looneka lachibwana. Muli ndi manambala anayi: 2, 2, 1 ndi 1. Mukamawasinthasintha malo, mungapange manambala angati osiyana? Amene anaphunzirako masamu a ku sekondale amathamangira kunena kuti 24, chifukwa zinthu zinayi zimasanjika m'njira 4 × 3 × 2 × 1. Koma tengani pensulo mulembe. Mupeza 1122, 1212, 1221, 2112, 2121 ndi 2211, basi. Zisanu ndi chimodzi zokha. Zina 18 zija n'zobwereza, chifukwa kusinthanitsa 2 ndi 2 mnzake sikusintha kalikonse pa pepala.

Funso lomweli lilipobe lero, koma tsopano limavutitsa olemba mapulogalamu a kompyuta. Munthu amapatsidwa mndandanda wa zinthu, zina mwa izo zofanana, n'kuuzidwa kuti atulutse masanjidwe onse otheka, kasanjidwe kalikonse kamodzi kokha. Pa tsamba la LeetCode, pomwe ambiri amakonzekera mafunso olembera ntchito, limeneli ndi funso nambala 47. Ambiri amaliyankha mwa njira yomwe imapereka yankho lolondola koma mowononga kwambiri: amapanga zonse kenako n'kusefa. Ine ndimaona kuti kusefako ndiye kulakwitsa kwenikweni. Zobwereza siziyenera kutayidwa zitapangidwa kale, ziyenera kutsekeredwa njira zisanabadwe.

Tiyambe ndi kuwerenga, chifukwa wosadziwa kuchuluka kwa zomwe akufuna sangadziwe ngati pulogalamu yake yalakwa. Tengani mawu oti NANAZI. Ali ndi zilembo 6. Zikanakhala zosiyana zonse, masanjidwe akanakhala 6 × 5 × 4 × 3 × 2 × 1, zomwe ndi 720, ndipo a masamu amalemba chidule kuti 6!. Koma muli ma N awiri ndi ma A awiri. Pa kasanjidwe kalikonse, tinene ZINANA, ma N angasinthane malo m'njira ziwiri osaoneka kuti asintha, ma A nawonso m'njira ziwiri. Ndiye kuti ZINANA wabisala kanayi m'gulu la 720 lija, ndipo n'chimodzimodzi ndi kasanjidwe kena kalikonse. Tikagawa 720 ndi 4 tipeza 180. Lamulo lake ndi lomwelo pa mndandanda uliwonse:

```
n! / (m1! × m2! × ... × mk!)
```

Apa n ndi kuchuluka kwa zinthu zonse, ndipo m aliyense akuimira kuti chinthu chakuti chabwera kangati.

Pa NANAZI kuwononga n'kochepa. Kupanga 720 kuti utsale ndi 180, kompyuta imamaliza usanaphethire. N'chifukwa chake njira yosefa imakopa. M'chinenero cha Python imatheka ndi mzere umodzi:

```python
set(itertools.permutations("NANAZI"))
```

Chida cha `permutations` chimaona zinthu potengera malo ake, osati maonekedwe ake, choncho N woyamba ndi N wachiwiri kwa icho ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chimatulutsa 720 onse. Kenako `set` amasunga chimodzi pa zofanana zilizonse. Yankho likutuluka 180, lolondola.

Tsopano tiyese zinthu zofanana zambiri. Ganizirani za misewu yodutsana ngati mizere ya m'kope la masamu, ndipo munthu akufuna kuchoka pa ngodya ina kufika pa ina poyenda masitepe 8 chakum'mawa ndi 4 chakumpoto. Njira iliyonse ndi kasanjidwe ka zilembo 12: ma M asanu ndi atatu, ma P anayi. Njira zosiyana zilipo 495 zokha, zokwana pa masamba ochepa a kope. Koma 12! ndi 479,001,600. Mzere umodzi uja upanga masanjidwe onsewa, ndipo njira iliyonse mwa 495 zija iubwerera maulendo 967,680. Mukawonjezera kuti masitepe akhale 10 kum'mawa ndi 10 kumpoto, njira zenizeni ndi 184,756, ntchito yopepuka. Koma 20! ndi nambala ya madijiti 19, moti ngakhale makina atamapanga masanjidwe 1 biliyoni pa sekondi, angafunike zaka pafupifupi 77. Choipa china n'chakuti cholakwikachi sichidziulula. Palibe uthenga wochenjeza umene umatuluka. Pulogalamu inayesedwa ndi zinthu zisanu n'kukhoza, tsiku lomwe yapatsidwa 15 imangokhala duu, ndipo wolemba amayamba kuganiza kuti kompyuta yake ndiyo yofooka.

Nanga zobwerezazi zimachokera kuti? Kupanga kasanjidwe kuli ngati kudzaza mipata yopanda kanthu mmodzi ndi mmodzi, kuyambira kumanzere. Tili ndi 1, 1, 2 ndi mipata itatu. Pa mpata woyamba pulogalamu yosasamala imayesa zinthu zitatu: 1 woyamba, 1 wachiwiri, ndi 2. Ikaika 1 woyamba, zotsala ndi 1 ndi 2, zomwe zimapereka 112 ndi 121. Ikabwerera n'kuika 1 wachiwiri pa mpata womwe uja, zotsala ndi 1 ndi 2 kachiwiri, ndipo 112 ndi 121 akutulukanso. Gwero la vuto lonse ndi lomweli: mpata umodzi wayesedwa kawiri ndi zinthu zooneka chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi lamulo limodzi. Pa mpata uliwonse, mtundu uliwonse wa chinthu uyesedwe kamodzi kokha.

Njira yosavuta yotsatira lamuloli ndi kusiya kuona mndandanda ngati zinthu zoimaima pazokha, n'kuusandutsa kaundula wonena kuti mtundu wakuti ulipo ungati. NANAZI amakhala N awiri, A awiri, Z mmodzi, I mmodzi. Pa mpata woyamba pali zosankha zinayi, osati zisanu ndi chimodzi. Mukasankha N, mumachotsa mmodzi m'kaundula n'kupita ku mpata wachiwiri, komwe N akadali wololedwa chifukwa watsala mmodzi. Mipata ikadzaza mumalemba kasanjidweko, kenako mumabwerera m'mbuyo, kubweza chilembo m'kaundula, n'kuyesa mtundu wotsatira.

```python
def dzaza(kaundula, njira, n):
    if len(njira) == n:
        print(njira)
        return
    for x in kaundula:
        if kaundula[x] > 0:
            kaundula[x] -= 1
            dzaza(kaundula, njira + [x], n)
            kaundula[x] += 1
```

Funso loti N wake ndi uti silibukanso, chifukwa m'kaundula mulibe N woyamba kapena wachiwiri, muli nambala 2 yokha. Ndipo palibe njira yomwe pulogalamu imayamba n'kukathera pa khoma. Iliyonse imafika kumapeto n'kubala kasanjidwe katsopano. Mzere womaliza uja, wobweza chilembo, ndi umene ophunzira amaiwala kawirikawiri. Ukasowa, pulogalamu imatulutsa kasanjidwe kamodzi n'kuima, chifukwa kaundula watha.

Pali njira ina yotchuka kwambiri m'mabuku ophunzitsira, ndipo ndi imene imagwetsa anthu ambiri. Mndandanda umasiyidwa momwe ulili, koma umayamba wasanjidwa kuchokera pa chaching'ono kuti zofanana zikhale moyandikana, ndipo pamakhala mndandanda wina wokumbutsa kuti chinthu chakuti chatengedwa kale. Chotchinga zobwereza ndi mzere uwu:

```python
if i > 0 and a[i] == a[i-1] and not used[i-1]:
    continue
```

Tanthauzo lake lili ngati la mapasa ovala zofanana amene auzidwa kuti polowa m'nyumba wamkulu aziyamba. Onse alowa ndithu, koma wamng'ono sangalowe wamkulu akadali panja. Pa 1, 1, 2, ndiye kuti 1 wachiwiri amaloledwa pokhapokha 1 woyamba atakhala kale pa mpata wake, ndipo nthambi yonse yobwereza ija imadulidwa pa tsinde.

Mzerewu ndi waufupi koma uli ndi misampha itatu. Woiwala kusanja mndandanda n'kupereka 1, 2, 1 amapeza masanjidwe 6 m'malo mwa 3, chifukwa mzerewu umangoyerekeza chinthu ndi choyandikana nacho, ndipo ma 1 awiriwo sanagundane. Wochotsa chigawo chomaliza, poganiza kuti n'kokwanira kudumpha chilichonse chofanana ndi cham'mbuyo mwake, sapeza kanthu n'komwe: 1 wachiwiri saloledwa mpaka kalekale, mipata sidzaza. Msampha wachitatu ndi wodabwitsa. Wochotsa mawu oti `not` okha amapezabe yankho lolondola, chifukwa wangotembenuza lamulo kuti wamng'ono aziyamba. Koma pulogalamu yake imayenda njira zambiri zosafika: imatenga wamkulu poyamba, n'kupita patali, n'kudzazindikira mochedwa kuti wamng'ono sangalowenso. Zofanana zikachuluka, nthawi yotayika imachulukanso. Pa chifukwa chimenechi, wophunzira ndimamulangiza kaundula uja, ndipo mzerewu aziwudziwa kuti athe kuwerenga zolemba za anzake.

Koma njira yomwe imandigwira mtima kwambiri ndi yakale kuposa zonsezi. Mu 1356 katswiri wina wa ku India, Narayana Pandita, analemba buku lotchedwa Ganita Kaumudi, momwe anafotokoza kachitidwe kochoka pa kasanjidwe kamodzi kupita pa kotsatira. Donald Knuth, m'gawo 4A la mabuku ake a The Art of Computer Programming lomwe linatuluka mu 2011, anaika njirayi patsogolo pa nkhani yopanga masanjidwe ndipo anatchula Narayana kuti ndiko inachokera. Ganizo lake ndi ili: onani kasanjidwe kalikonse ngati nambala, yambani ndi yaing'ono kwambiri, ndipo nthawi zonse pezani nambala yomwe ili pamwamba pang'ono chabe pa imene muli nayo. Ngati nambala iliyonse ikuposa yam'mbuyo mwake, kubwereza n'kosatheka. Ngati simukulumpha iliyonse, palibe chotsala.

Tichite ndi 1, 2, 2, 3. Lamulo lowerengera likuti 24 kugawa ndi 2, masanjidwe 12. Yaing'ono kwambiri ndi 1223, yaikulu kwambiri 3221. Tinene kuti tafika pa 2321 ndipo tikufuna yotsatira.

Yang'anani kuchokera kumanja. Manambala atatu omalizira, 3, 2, 1, akutsika. Mchira wotsika chonchi wafika kale pachimake: palibe m'mene mungawasanjire atatuwa kuti apose 321. Ndiye kusintha kuyenera kukhudza nambala yomwe ili kumanzere kwa mchirawo, yomwe ndi 2 woyambirira. Iyi ndi sitepe yoyamba, kupeza nambala yoyamba kuchokera kumanja yomwe ndi yochepa poyerekeza ndi mnzake wa kudzanja lamanja.

Sitepe yachiwiri ndi kupeza wolowa m'malo mwake. Tikufuna nambala ya mumchira yoposa 2, koma yoposa pang'ono m'mene zingathekere. Popeza mchira ukutsika, yoyamba kukwanira tikamachokera kumanja ndi imeneyo. 1 ndi wochepa. 2 ndi wofanana, sakuposa, timudumpha. 3 ndiye wakwanira. Timawasinthanitsa, 2 woyamba ndi 3, n'kupeza 3221.

Sitinamalize, chifukwa 3221 ndi yaikulu kwambiri pa zonse zoyamba ndi 3, pomwe ife tikufuna yaing'ono. Mchira, 2, 2, 1, ukadali wotsika ngakhale tasinthanitsa, choncho sitifunika kuusanja mwatsopano. Kungoutembenuza kukwanira: 1, 2, 2. Yankho ndi 3122. Mukachita zimenezi kuyambira pa chiyambi, mndandanda wonse umatuluka motere: 1223, 1232, 1322, 2123, 2132, 2213, 2231, 2312, 2321, 3122, 3212, 3221. Pa 3221 manambala onse akutsika, sitepe yoyamba sipeza kanthu, ndipo ndi mmene pulogalamu imadziwira kuti yamaliza.

```python
def lotsatira(a):
    j = len(a) - 2
    while j >= 0 and a[j] >= a[j+1]:
        j -= 1
    if j < 0:
        return False
    k = len(a) - 1
    while a[k] <= a[j]:
        k -= 1
    a[j], a[k] = a[k], a[j]
    a[j+1:] = reversed(a[j+1:])
    return True
```

Onani kuti mu pulogalamuyi mulibe mzere wapadera wonena za zofanana. Nkhani yonse yagona pa zizindikiro ziwiri za `=`, china mu `a[j] >= a[j+1]` china mu `a[k] <= a[j]`. Ndizo zimauza makina kuti akakumana ndi chofanana apitirire. Pa mndandanda wa zinthu zosiyana zokhazokha mungazichotse osaona vuto, ndipo n'chifukwa chake cholakwikachi chimapulumuka mayeso oyamba. Koma chotsani chachiwiricho muyese 1223. Yotsatira ituluka bwino, 1232. Kenako makina apeza kuti wosinthidwa ndi 2 wa pa malo achiwiri, ayang'ana kumanja, akumana ndi 2 womaliza n'kumuvomera. Asinthanitsa 2 ndi 2, palibe chasintha, atembenuza mchira 3, 2 kukhala 2, 3, ndipo tabwerera pa 1223. Pulogalamu izingozungulira pa awiriwa mpaka wina aizimitse. Mukachotsa choyambacho, vuto lionekera pa 1322: makina aima pa ma 2 awiri omalizira ngati kuti apeza pokwera, n'kuyamba kufuna nambala yoposa 2 kumanja komwe kulibe.

Ubwino wa njira ya Narayana ndi woti sikumbukira chilichonse. Sisunga masanjidwe omwe yapanga kale, sisunganso kaundula. Imangofuna mndandanda umodzi ndi timanambala tiwiri, j ndi k. Mungaimitse ntchito madzulo, kulemba pa pepala kasanjidwe komwe mwafika, n'kudzapitiriza mawa pomwepo, ngakhale pa makina ena. Olemba m'chinenero cha C++ anaipatsidwa kale yokonzakonza pa dzina loti `std::next_permutation`, ndipo imasamala zofanana popanda kuuzidwa. Chomwe sichita n'kukusanjirani poyambira. Mukaipatsa 2213 n'kumaiitana mpaka itanena kuti yamaliza, mupeza masanjidwe 7 okha, kuyambira wachisanu ndi chimodzi kufika wa 12, ndipo asanu oyamba atayika mwakachetechete. Mndandanda uyenera kusanjidwa kaye kuchokera pa chaching'ono.

Pali pamene njirayi sigwira. Imafuna kuti pa zinthu ziwiri zilizonse zidziwike kuti chachikulu ndi chiti. Manambala ndi zilembo zili nalo dongosolo lotere, koma mitundu ya utoto kapena zinthu zosakanikirana zilibe. Zikatero mungapatse mtundu uliwonse nambala yake, kusanja manambalawo, n'kudzawamasulira pomaliza. Apo ayi, gwiritsani kaundula, yemwe amangofunsa ngati zinthu ziwiri zili zofanana.

Funso lomalizali nalo si lophweka monga limamvekera. Kwa kompyuta, N wamkulu ndi n wamng'ono ndi zilembo ziwiri zosiyana, choncho mawu olembedwa kuti Nanazi apereka masanjidwe 360, osati 180. Manambala a madesimo ali ndi msampha wawo: mu Python, `0.1 + 0.2 == 0.3` imayankha `False`, chifukwa makina amasunga madesimo mongoyandikira. Manambala awiri amene pa sikirini akuoneka ofanana angakhale osiyana m'kati, ndipo masanjidwe ooneka obwereza adzatuluka ngakhale pulogalamu ilibe cholakwika. Zimenezi zimakonzedwa musanayambe kusanja, posankha kuti kufanana kukutanthauza chiyani pa ntchito yanuyo: kusandutsa zilembo zonse kukhala zazikulu, kapena kusunga ndalama m'matambala athunthu m'malo mwa makwacha a madesimo.

Poyesa pulogalamu yotere, zinthu ziwiri zikwanira. Werengani masanjidwe otuluka, muyerekeze ndi lamulo logawa lija. Kenako onani ngati kasanjidwe kalikonse kakuposa kam'mbuyo mwake. Ziwirizi zikakhoza, ndipo kasanjidwe kalikonse kali ndi zinthu zomwe zija munayamba nazo, ndiye kuti palibe chobwereza ndipo palibe chotsala. Mindandanda yoyesera ikhale yosankha mwadala. Wa zofanana zokhazokha, monga 5, 5, 5, 5, uyenera kupereka kasanjidwe kamodzi. Wa zofanana zotalikirana, monga 1, 2, 1, umagwira woiwala kusanja. Ndipo 1, 2, 2, 3 umagwira wotaya chizindikiro cha `=`.

Lamulo lowerengera lomwe lija ligwiritsidwenso ntchito pulogalamu isanayatsidwe, chifukwa kupewa zobwereza sikuchepetsa masanjidwe enieni. Zilembo 11 za dzina la mtsinje wa MISSISSIPPI zimatsika kuchoka pa 39,916,800 kufika pa 34,650 chifukwa ma S ndi anayi, ma I anayi, ma P awiri. Koma mndandanda wa zinthu 15 womwe uli ndi ziwiri zokha zofanana umangodulidwa pakati, n'kutsala masanjidwe 653,837,184,000. Onsewo ndi osiyana, ndipo palibe njira, ya Narayana kapena ya wina aliyense, yomwe ingawatulutse popanda kudutsa pa kalikonse. Nambala ikatuluka yotere, wopereka ntchito afunsidwe bwino chomwe akufuna. Kawirikawiri amangofuna kudziwa kuti masanjidwe alipo angati, zomwe lamulo logawa limayankha nthawi yomweyo, kapena amafuna okhawo okwaniritsa mfundo inayake, monga oti ma N awiri asagundane. Zoterezi kaundula amazitha bwino, chifukwa mfundoyo ingafunsidwe pa mpata uliwonse chilembo chisanaikidwe, ndipo nthambi yoyamba ndi NN imadulidwa ili pa mpata wachiwiri.